Wochita Lendi Akasintha Nyumba Osapempha: Kalata ya Mwini Nyumba

Munthu wochita lendi amalipira kuti akhale m'nyumba, koma makoma, denga, mawindo, mapaipi ndi mawaya amakhalabe a mwini nyumba. Chifukwa cha ichi, kusintha kulikonse kokhudza thupi la nyumbayo kumafunika chilolezo cha mwiniwake ntchito isanayambe. Ntchito ikachitika popanda chilolezo, mwini nyumba amalemba kalata yonena chimene wapeza, ndi kuika njira ziwiri patsogolo pa wochita lendiyo: kubwezeretsa nyumba momwe inalili, kapena kupempha kuti chimene wachitacho chivomerezedwe molemba. Kalatayi ndi yaifupi, koma imatheka kulembedwa bwino pokhapokha mwini nyumba ataona bwinobwino chimene chasinthidwa ndi kudziwa ngati ndi chinthu choti iye angachivomereze.

Zosintha zimasiyana kulemera

Kukhoma msomali wopachikapo kalendala, kuika makatani kapena kudzala mpiru kuseri sikusintha nyumba, ndipo mwini nyumba amene amalemba kalata pa zoterezi amangodzichotsera ulemu. Pali gulu lachiwiri la zinthu zimene zimachotseka osasiya bala lalikulu, monga dishi ya kanema yokhomedwa pakhoma, mashelefu, loko watsopano pachitseko, kapena penti wa mtundu wina m'chipinda. Izi kawirikawiri zimatha ndi kukambirana ndi mzere umodzi wolemba. Pa loko, chofunika ndi kusunga wakaleyo ndi makiyi ake kuti adzabwezeretsedwe potuluka.

Gulu lachitatu ndi limene limafuna kalata yeniyeni. Muno muli kugumula kapena kuboola khoma, kukulitsa windo, kumanga kachipinda kogundiza nyumba, kuphatikiza mawaya a magetsi, kudula paipi ya madzi ndi kuika mpopi wina, kudula mtengo waukulu wa pabwalo, ndi kusandutsa chipinda chogona kukhala malo a malonda. Zinthu izi zimakhudza kulimba kwa nyumba, chitetezo cha anthu okhalamo, komanso malamulo amene amamanga mwini nyumba iye mwini. Khonsolo ikapeza chomangidwa chopanda pulani, imafunsa mwini puloti, ngakhale amene anamangayo ali wina.

Nkhani ya hokala ya pawindo

Chitsanzo chimene chimapezeka m'madera ambiri a m'tauni ndi cha hokala. Banja lina likuchita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Chilinde mumzinda wa Lilongwe, ndipo chipinda chimodzi chayang'ana kumsewu wafumbi umene anthu amadutsa popita kumsika. Mayi wa m'nyumbamo akuona kuti pamenepo pangayende malonda a shuga wa m'timapepala, mafuta oyeza, mazira ndi mafirizesi. Akuitana mmisiri wa m'dera momwemo, amene akuzula felemu ya windo ya mamita 1.2 m'lifupi, kugumula njerwa mbali zonse ziwiri mpaka bowo litafika mamita 1.8, kuika zitsulo zowotcherera ndi thabwa loperekerapo katundu, kenako kupaka pulasitala ndi penti wobiriwira. Firiji ndi chifiriza akuzilumikiza ndi waya wofewa wochokera pa nyale ya kudenga. Mwini nyumba amakhala ku Likuni, lendi amalandira pafoni, ndipo akumva za hokalayi patatha milungu itatu kuchokera kwa munthu wina wa pa puloti pomwepo, amene akudandaula kuti mayunitsi a pa mita yogawana akutha msanga kuposa kale.

Pa nthawi imeneyi mtima umakhala m'mwamba, ndipo ambiri amathamangira pafoni kukalipa. Choyenera kuyamba ndi kuwerenga pangano la lendi, ngati linalembedwa, kuti aone mawu enieni a ndime yoletsa kusintha nyumba kapena kuchitiramo malonda. Ngati pangano linali la pakamwa, monga zilili ndi nyumba zambiri za m'makwalala, mwini nyumba sakhala wopanda ponena, chifukwa wochita lendi aliyense amayembekezeredwa kudzabweza nyumba monga anaipezera, kupatula kutha kwa zinthu kobwera ndi kukhalamo. Kenako amadziwitsa anthuwo tsiku ndi ola limene adzafike kudzaona. Kulowa mwadzidzidzi eni ake kulibe, ngakhale ndi makiyi ake, n'kulakwa, ndipo kumapatsa winayo nkhani yoti aphimbire nayo yake.

Zoyang'ana pa tsiku loyendera

Mwini nyumba apite ndi mmisiri amene amamukhulupirira, osati amene anagwira ntchitoyo, atenge tepi yoyezera ndi foni yojambulira. Pa bowo la hokala, funso lalikulu ndi la lintala, mtanda wa konkire umene umagona pamwamba pa windo ndi kunyamula njerwa ndi denga la pamwamba pake. Lintala amayenera kutsamira pakhoma masentimita osachepera 15 mbali iliyonse. Windo la mamita 1.2 likhoza kukhala ndi lintala wa mamita 1.5 okha. Bowo likakulitsidwa kufika 1.8, lintalayo alibenso potsamira, ndipo chimene chikumugwira ndi pulasitala ndi zitsulo za hokalazo basi. Kunja kumaoneka kosalala ndi kokongola, chikomekome cha mkuyu. Nyumba imene ili ndi bimu wozungulira makoma onse pa msinkhu wa mawindo imapirira bwino kuboola kotere, ndipo mmisiri amadziwa chimene chilipo posema pulasitala pang'ono pakona ya bowo.

Chizindikiro chakuti khoma layamba kukhala pansi ndi mng'alu wochokera pakona ya pamwamba ya bowo, wokwera chopingasa motsatira mizere ya matope ngati masitepe. Timing'alu tating'ono tomwazika ngati ukonde wa kangaude ndi ta pulasitala wouma msanga, ndipo sitidetsa nkhawa. Mng'alu wa masitepewo aulembe ndi pensulo pamene wathera, alembepo tsiku, adzaonenso pakatha sabata. Ukapitirira chizindikirocho ndiye kuti khoma likuyenda, ndipo pafunika kuchirikiza ndi mapolo nthawi yomweyo, osadikira masiku a m'kalata.

Pa magetsi, waya wa nyale umakhala wa masikweya milimita 1.5 pamene wa masoketi umakhala wa 2.5, ndipo mzere wa nyale sunaikidwire katundu wa firiji ndi chifiriza. Waya wofewa wolumikizidwa mopota ndi kukulungidwa ndi tepi mkati mwa siling'i ndi umene umayambitsa moto usiku anthu ali mtulo. Zizindikiro zake ndi nyale kuphethira firiji ikamadzuka, soketi yofunda kapena yoderako m'mphepete, fungo la pulasitiki wopsa, ndi buleka yogwa kawirikawiri. Ichi si chinthu choti chivomerezedwe momwe chilili. Chimachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo ngati soketi ikufunikadi, amaika ndi mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA.

Zimene mwini nyumba sangavomereze yekha

Kalata isalonjeze chilolezo chimene mwini nyumba alibe mphamvu yochipereka. M'mizinda, kumanga chowonjezera ndi kusintha ntchito ya nyumba kuchoka pa yogonamo kupita pa ya malonda zimayendera lamulo la mapulani a malo la 2016, ndipo zimafuna chilolezo cha komiti ya mapulani kudzera ku khonsolo. Malondawo nawo amafuna laisensi ya khonsolo. Mita ya magetsi ndi waya wochokera papolo ndi za ESCOM, monganso mita ya madzi ndi paipi yofika pa mitayo zili za bungwe la madzi, ndipo kuzisuntha kapena kulumikiza mozilambalala ndi mlandu. Nyumba za bungwe la MHC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, zili ndi mwini wake amene ndi bungwelo, choncho munthu amene akukhala m'nyumba yotere pa lendi amapempha kubungweko molemba asanamange mpanda kapena kachipinda kuseri. Pa puloti pamene pali mabanja ena, pali chinanso choganizira: hokala imabweretsa anthu odutsa pakhomo, phokoso ndi bilu yokwera, ndipo enawo sanapanganepo zimenezo.

Kalembedwe ka kalatayo

Kalata yabwino imatchula chinthu chenicheni, malo ake, muyeso wake ndi tsiku limene chinaonedwa. Mawu akuti "mwaononga nyumba yanga" sathandiza, chifukwa winayo amayankha kuti waikongoletsa, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Mawu akuti windo lakulitsidwa kuchoka pa mamita 1.2 kufika pa 1.8 satsutsika, popeza tepi ilipo. Kalata itchule ndime ya pangano imene yaphwanyidwa, iike njira ziwirizo momveka, ipereke masiku okwanira ntchitoyo, ndipo inene chimene chidzatsatire ngati sipakhala yankho. Za lendi yochedwa ya chaka chatha, za ana othyola mapapaya, za alendo ochuluka, zisalowemo. Kalata ya nkhani imodzi ndi imene imayankhidwa.

Ya hokala ija ikhoza kulembedwa motere:

"Okondedwa bambo ndi mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ndikulemba potsatira ulendo wanga wa Loweruka pa 7 Juni, pamene ndinadzaona nyumba muli pomwepo inuyo ndi mmisiri amene ndinabwera naye. Tinapeza kuti windo la chipinda choyang'ana kumsewu lazulidwa, khoma lagumulidwa kuchoka pa mamita 1.2 kufika pa 1.8 m'lifupi, ndipo chipindacho chasanduka hokala. Tinapezanso waya wochokera pa nyale ya kudenga wolumikizidwa ku firiji ndi chifiriza. Zithunzi ndaziphatikiza ndi kalata ino. Ndime 6 ya pangano lathu imati kusintha kulikonse pa nyumba kufunika chilolezo changa cholemba, ndipo chilolezo chimenecho sichinapemphedwe.

Waya uja, ngati sunachotsedwebe, ndikupempha kuti uchotsedwe lero, chifukwa ukhoza kuyambitsa moto. Pa za khoma, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mubwezeretse windo ndi khoma momwe zinalili, ndi ndalama zanu, pofika pa 10 Julayi, pogwiritsa ntchito mmisiri amene tigwirizane. Yachiwiri ndi yakuti mundilembere pofika pa 24 Juni kupempha kuti hokalayo ikhale. Ndidzaliganizira pempholo, koma chilolezo chidzadalira kuikidwa kwa lintala watsopano, chilolezo cha khonsolo, ndi pangano lolemba lonena za tsiku limene mudzatuluke. Kufikira nkhaniyi itatha, ntchito ina iliyonse pa nyumbayo iime, ndipo felemu ndi magalasi a windo lakale zisungidwe.

Lendi ipitirire kulipidwa monga mwa masiku onse. Kulandira kwanga lendi sikukutanthauza kuti ndavomereza kusinthaku. Ngati sindimva kanthu pofika pa 24 Juni, ndidzatenga kuti mwasankha njira yoyamba, ndipo ngati ntchitoyo sidzakhala itatha pa 10 Julayi ndidzatsata zimene pangano lathu ndi malamulo akundilola. Ngati pali china chimene ine sindinamvetse, ndine wokonzeka kukhala nanu pansi sabata ino.

Ine mwini nyumba."

Chiganizo chonena za lendi chili ndi ntchito yake. Mwini nyumba amene wadziwa za kusinthako, n'kukhala chete miyezi ingapo akulandira lendi, akhoza kutengedwa ndi khoti kuti anagwirizana nazo. N'chifukwa chake kalata imalembedwa m'masiku ochepa chichitikire ulendo woyendera. Pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la malo olembetsedwa la 1967, mwini malo asanathetse pangano chifukwa chakuti laphwanyidwa amayenera kupereka chidziwitso cholemba chotchula cholakwacho ndi kupereka nthawi yokwanira yochikonzera. Kalata yolembedwa monga ili pamwambayi ikuyenda m'njira yomweyo.

Masiku operekedwa akhale oti munthu angawakwanitse. Milungu iwiri ndi yokwanira kuganiza ndi kuyankha. Mwezi umodzi ndi woyenera pa ntchito ya njerwa, ndipo ndi bwino kuti tsiku lomaliza ligwe malipiro a kutha kwa mwezi atadutsa, chifukwa munthu wolamulidwa kugula simenti pakati pa mwezi amalephera ngakhale ali ndi mtima wofuna kukonza.

Kalata zilembedwe ziwiri zofanana. Imodzi imasiyidwa m'manja mwa munthu amene dzina lake lili pa pangano, osati mwana kapena wantchito, ndipo pa inayo iye amasaina ndi kulemba tsiku kusonyeza kuti walandira. Kusainako sikutanthauza kuvomera zolembedwazo, ndipo ndi bwino kumuuza choncho kuti asachite mantha. Akakana, mboni monga bulokolida kapena nthumwi ya mfumu ya m'deralo imalemba kuti kalata yaperekedwa iyo ikuona. Chithunzi cha kalatayo chikhoza kutumizidwanso pa WhatsApp, koma uthenga wa pafoni wokha ndi wosadalirika, popeza mafoni amabedwa ndipo mauthenga amafufutika. Kuika nkhaniyi pa gulu la anthu onse a pa puloti n'kuchititsa munthu manyazi, ndipo wochititsidwa manyazi amaumitsa khosi.

Akasankha kubwezeretsa

Mawu akuti "momwe zinalili" amafuna chofanizira, ndipo apa ndi pamene zithunzi za tsiku lolowa m'nyumba zimagwira ntchito. Ngati palibe, windo lina la nyumba yomweyo limakhala chitsanzo. Mmisiri amayamba wachirikiza lintala ndi mapolo asanachotse zitsulo za hokala. Njerwa zatsopano azilowetse m'khoma lakale mwa mano, kuchotsa theka la njerwa pa mzere wachiwiri uliwonse kuti zigwirane, chifukwa kachipilala kongoima pambali pa khoma kamadzapatuka ndi kusiya mng'alu woongoka. Pa bowo lokulitsidwa ndi masentimita 60, pa khoma la mainchesi 9, zimalowa njerwa zosapitirira zana limodzi ndi matumba a simenti osapitirira awiri. Pulasitala athiriridwe madzi kwa masiku 7, ndipo penti adikire milungu ingapo kuti khoma liume, apo ayi amatukusira ndi kusupuka. Penti apakidwe khoma lonse la mbali imeneyo, chifukwa chigamba chimaoneka kuchokera kumsewu. Ntchito ikatha, onse awiri amayendera limodzi ndi kusaina mzere wonena kuti nkhaniyi yatha, kuti isadzadzukenso pa tsiku lobweza dipoziti.

Akapempha chilolezo

Si kusintha konse kumene kuli koipa, ndipo mwini nyumba wanzeru sagumulitsa chinthu chabwino pongofuna kuonetsa mphamvu. Zitsulo za m'mawindo zoikidwa bwino, matayilosi a m'bafa, kapena thanki ya madzi zimakweza mtengo wa nyumba. Hokala nayo, ikakhala pa msewu woyenda anthu, ikhoza kuthandiza banjalo kulipira lendi pa nthawi yake. Koma chilolezo cha pakamwa chakuti "basi zikhale" ndi chimene chimabala milandu yowawa zaka ziwiri kutsogolo, pamene wochita lendi akutuluka ndipo akufuna kubwezeredwa ndalama zake kapena kuzula zitsulo zake.

Chikalata chovomereza chimayankha mafunso amenewo nthawi isanafike. Chimafotokoza chimene chavomerezedwa ndi muyeso wake, kuti chilolezo cha bowo la hokala chisadzasanduke chilolezo cha khonde la malata kutsogolo kwake. Chimatchula zoyenera kukonzedwa, monga lintala watsopano wa mamita osachepera 2.1 pa bowo la 1.8, soketi yakeyake pa waya woyenera, ndi njira yogawanira magetsi ndi anzawo a pa mita. Chimanena amene adzayendetse mapepala ku khonsolo ndi kulipira. Koposa zonse chimanena za tsiku lotuluka. Mwa lamulo, chinthu chomangidwira pa nyumba chimasanduka gawo la nyumbayo, ndipo amene anaika popanda pangano sangaumirize mwini nyumba kuti amubwezere ndalama. Mashelefu ndi zipangizo za malonda zimene zimachotseka akhoza kutenga, bola akonze malo amene zachoka. Pangano likhoza kunena kuti zonse zidzatsala popanda malipiro, kapena kuti wochita lendi adzabwezeretsa windo asanatuluke ndipo awonjezere dipoziti yokwanira ntchitoyo, kapena kuti mwini nyumba agula chosinthacho pochotsera pa lendi.

Njira yochotsera pa lendi imafuna masamu olembedwa. Mwachitsanzo, ngati malisiti a zitsulo, lintala ndi mmisiri akwana K240,000, ndipo agwirizana kuti mwini nyumba atenga theka, ndiye kuti K120,000 ichotsedwa pa K20,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 6, ndipo chikalata chitchule mwezi woyamba ndi womaliza. Chinenenso chimene chidzachitike ndi yotsala ngati banjalo lituluka miyeziyo isanathe. Wochita lendi amene amadzidulira yekha pa lendi ponena kuti anakonza nyumba, popanda pangano lotere, amawerengedwa kuti ali ndi ngongole ya lendi. Ngati lendi ikwera chifukwa cha malondawo, mtengo watsopano ndi tsiku loyambira zilembedwe momwemo. Onse awiri amasaina pamaso pa mboni, ndipo chikalatacho chimalumikizidwa ku pangano loyamba.

Akangokhala chete

Tsiku likadutsa popanda yankho kapena ntchito, mwini nyumba amalemba kalata yachiwiri yaifupi yokumbutsa yoyambayo, ndipo nkhani zambiri zimathera pa bwalo la bulokolida kapena la mfumu, kumene munthu wachitatu amamva mbali zonse. Zikakanika pamenepo, amapereka notisi yotulukira motsata pangano, yomwe pa lendi ya mwezi ndi mwezi imakhala yosachepera mwezi umodzi, ndipo ngati munthuyo akana kutuluka kapena kulipira zoonongeka, nkhani imapita kukhoti. Kusasula malata, kuzula zitseko, kudula madzi, kukhoma loko kapena kutulutsa katundu panja ndi njira zimene zimaoneka m'madera ambiri, koma zimatembenuza mlandu, wolakwiridwa uja n'kukhala woyankha. Mwini nyumba asatumizenso anyamata kukagumula hokalayo anthu akadali m'nyumba.

Mtengo wokonzera umachotsedwa pa dipoziti banjalo likatuluka, ndipo umasonyezedwa ndi makoteshoni a amisiri awiri kapena malisiti a ntchito yeniyeniyo. Yotsala imabwezedwa pamodzi ndi pepala lolemba chilichonse chimene chachotsedwa. Ngati dipoziti yaperewera, makalata awiri aja, zithunzi zokhala ndi masiku ake, muyeso wa bowo ndi malisiti ndi zimene mwini nyumba amanyamula popita kukadandaula kwa majisitireti.